Inu a apu ya nkongole, K440 yanuyo siyinagule manambala a mufoni mwanga

Ndalemba pano pa peji panu poyera chifukwa ku inibokosi mumangoyankha "tikuthandizani posachedwa" mpaka lero. Dzina la kampani yanu sinditchula, mukudzidziwa nokha ndipo amene munawachita ngati ine akudziwani kale.

Tiyambe ndi ndalama kuti musanene kuti ndikuthawa nkongole. Ndinapempha K800, mufoni munalowa K680 chifukwa K120 munadula ati ndi ya kasamalidwe, zobweza munati K1,040. Ndinalipira K600, risiti ilipo, yatsala K440 ndipo sindikukana. Malipiro ku ntchito anachedwa mwezi wathawu, ndinakulemberani kukuuzani. Yankho lanu linali kutumiza meseji kwa anthu a mufoni mwanga, ndi chithunzi changa chija ndinajambula nditagwira chitupa cha NRC, pansi mwalemba kuti ndine wakuba ndipo iwo anandiimira ngati mboni ndiye alipire. Apongozi anga ku Katete analandira. Amayi busa a ku mpingo kwathu ku Chilenje analandira. Abwana anga a ku ntchito analandira, anachita kundiitanira mu ofesi. Ngakhale munthu amene anandikonzera mpope chaka chatha ku Kabwata, amene nkhope yake ndinaiwala, anandiimbira kufunsa kuti mayi mwaba chiyani.

Ndiye ndinakwera basi kupita mutauni kufuna ofesi yanu ija munalemba mu apu. Chitseko chopanda chikwangwani, mkati matebulo awiri ndi anyamata ali ndi mafoni ambirimbiri. Ndinalankhula mwaulemu, ndinati pepani ndikufuna kuonana ndi amanejala pa nkhani ya manambala anga. Mnyamata wa pa tebulo loyamba, msinkhu wa mwana wa achemwali anga, maso osachotsa pa foni, ati "amayi munadina Allow nokha, lipirani chabe manyazi athe." Anzake kuseka. Ndinati ndipatseni pepala ndilembe dandaulo, ati kuno sitisunga mapepala. Ndinati nanga laisensi yanu ili kuti, ati funsani ku likulu, likulu lili kuti, ati pa intaneti. Zikomo kwambiri bwana wamng'ono, mwaphunzitsidwa bwino ntchito. K34 ya basi inapita, theka la tsiku la ntchito linapita, ndinabwerera ndi chipongwe chokha.

Manje mvetserani za Allow wanuyo, chifukwa ndinakhala pansi nkuwerenga. Zambia ili ndi lamulo lotchedwa Data Protection Act la 2021. Limati munthu akamatenga zinthu zokhudza mnzake, monga dzina, nambala ya foni, chithunzi, ayenera kunena chimene akuzitengera ndipo azigwiritse ntchito pa chimenecho basi, osatenganso zopitirira zimene zikufunika. Apu yanu inati ikufuna `Contacts` kuti itsimikize kuti ndine munthu weniweni. Palibe pamene inalemba kuti ndikachedwa mudzauza apongozi anga. Komanso apu imakana kupitiriza ngati sunadine, ndiye chilolezo chake ndi chiti pamenepo? Ngakhale titati ndinavomera, lamulo lomwelo limandipatsa ufulu wochotsa chilolezocho, ndipo ndikuchichotsa pano anthu akuona. China chimene mnyamata wanu sakudziwa, manambala aja si anga. Nambala ya amayi busa ndi ya amayi busa, iwo sanadine chilichonse, sanakongole, sanasaine kuti ndi mboni. Ine ndilibe mphamvu yowagulitsa kwa inu, ndipo aliyense wa iwo angathe kukudandaulirani payekha.

Musadzanene kuti manambala ndinakupatsani ndekha. Pa fomu ndinalemba anthu awiri okha, amuna anga ndi mng'ono wanga. Koma meseji yopita ku Katete inayamba ndi "Apongozi Katete", ndendende mmene ndinasungira mufoni mwanga, ndipo ya wokonza mpope inayamba ndi "Pulamba Kabwata 2". Palibe munthu pa dziko lino amene dzina lake ndi Pulamba Kabwata 2. Munakopera buku lonse la manambala, umboni munalemba nokha.

Abale amene mukuwerenga, zikakuchitikirani musathamangire kufafaniza apu ndi mkwiyo. Yambani mwajambula masikirinishoti a pangano la nkongole, ndalama imene inalowa, imene mwalipira ndi mameseji oopseza, muwapemphenso amene analandira akutumizireni zawo nambala yotumiza ndi tsiku zikuoneka. Mukatero lowani `Settings`, `Apps`, dzina la apuyo, `Permissions`, mutseke `Contacts`, `SMS` ndi zithunzi. Koma dziwani kuti kutseka kumangoletsa kukopera kwatsopano, zimene anatenga kale zili pa makompyuta awo ndipo sizichoka chifukwa mwachotsa apu, mpake kuwalembera kalata. Kuyambira mu 2023 Google inaletsa ma apu a nkongole a pa Play Store kuwerenga manambala ndi zithunzi za mufoni, ndiye mukaona akukutumizirani linki pa WhatsApp kuti muyike apuyo pambali ngati fayilo ya APK, ngati mmene awa anachitira nane, mwadziwa chimene akuzemba.

Tibwerere kwa inu. Ndikufuna mundilembere, osati kuimba foni usiku ndi manambala osinthasintha, mundiuze zonse zanga zimene muli nazo, anthu amene munawatumizira, ndi kampani ina iliyonse imene munaipatsa, chifukwa ena amene amandiimbira amatchula dzina lina la kampani limene sindinakongoleko. Ufulu wofunsa zimenezi uli m'lamulo. Manambala a anthu anga ndi chithunzi chija mufafanize, mulembe kuti mwafafaniza. Za nkongole yeniyeniyo sungani, ndikudziwa kuti zimenezo lamulo silingakukakamizeni kutaya pamene sindinamalize kulipira. Ndipo anthu omwe aja munawauza kuti ndine wakuba muwatumizire meseji ina yonena kuti munanama ndipo iwo alibe nkongole ndi inu. Munakwanitsa kutumiza yoyamba m'mawa umodzi, yachiwiri siyingakuvuteni.

Mukafuna K440 yanu njira zilipo, kundilembera ine mwini, kugwirizana kalipiridwe, kapena kukandisumira ku khoti, ndidzabwera nditavala bwino. Kuchititsa munthu manyazi kwa apongozi si njira imene ili pa mndandanda. Ndipo poti tafika pa makhoti, mundiuzenso kuti mumabwereketsa ndi chilolezo cha ndani, cha Bank of Zambia kapena cha Money Lenders Act chija chimatengedwa ku khoti, nambala yake ilembeni pansipa. Kupatsa munthu K680 nkufuna K1,040 pa masabata awiri, kuonjezanso K25 tsiku lililonse, ku komboni timati kaloba, kusiyana kwake nkwakuti wakaloba wa ku Chawama amakuyang'ana m'maso.

Sabata ino ikatha opanda yankho lolembedwa, masikirinishoti onse akupita ku ofesi ya Data Protection Commissioner, kope ku Bank of Zambia, ku bungwe loteteza ogula la CCPC ndi ku ZICTA pamodzi ndi manambala onse amene mumaimbira, ndipo za mameseji oopseza ndikasiya ku polisi. Lamulo lija limalolanso munthu wolakwiridwa kufuna chipukuta misozi, ndiye muwerengere bwino ngati K440 ikukwana. Amayi busa anena kale kuti asaina dandaulo lawo, abwana anganso chimodzimodzi. Mukafafaniza positi iyi ndiyibwezanso, ndaisunga. Amene munatumiziridwa meseji zotere kapena anthu anu anatumiziridwa, ndipezeni ku inibokosi ndi masikirinishoti anu, tikapereke limodzi Lolemba.