Kalata ya zitumbuwa

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mangalandeko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Zomba tilipo.

Munafunsa kuti mtsikana wanu wa zaka 7 uja mungamuyambitse ndi chiyani kukhitchini. Ine ndikuti zitumbuwa. Nsima ayi, chifukwa phala likamabwadamuka limathovukira m'manja, ndipo mkono wake sungathe kuvundula. Ubwino wa zitumbuwa ndi woti ntchito yambiri imachitikira kutali ndi moto. Iye asenda nthochi, akanya, ayeza ufa ndi kuumba, koma kukazinga n'kwanu nokha.

Tengani nthochi 3 zikuluzikulu zakupsa kwambiri, zija zamawanga akuda pakhungu, ufa wa mgaiwa kapu imodzi, mchere wotsina ndi zala ziwiri, ndi soda pang'ono chabe, wosakwana theka la sipuni ya tiyi. Shuga safunika ngati nthochi zapsadi. Za kumeneko amazithyola zosakhwima, choncho zikulungeni m'pepala masiku angapo pamalo ofunda, osati mufiriji. Mgaiwa ukasowa, ufa wachimanga wa m'masitolo a zakudya za ku Africa ungachite. Muyezo umenewu umatulutsa zitumbuwa 10 kapena 12.

Ayambe wasamba m'manja ndi sopo, kenako akhale pansi kapena patebulo lomufika m'chiuno. Pansi pa mbale yalani kansalu konyowa kuti mbaleyo isamatereke. Mpatseni foloko akanye nthochi mpaka zisanduke ngati phala. Ana amatopa msanga n'kunena kuti zatheka, ndiye muuzeni asake mibulu ndi folokoyo. Mbulu wotsala ndi umene umaswa chitumbuwa m'mafuta.

Pa ufa ndi pamene pali phunziro lenileni, musamufulumizitse. Soda ndi mchere muyeze ndinu, n'kuzisakaniza mu ufa wouma, chifukwa soda akachuluka zitumbuwa zimawawa ndi kumveka ngati sopo. Mwana athire ufa theka la kapu poyamba, atakase, kenako azionjezera sipuni imodziimodzi. Nthochi zimasiyana madzi ake, n'chifukwa chake kapu ija ikhoza kutsalako kapena kuperewera. Mfunseni iyeyo kuti, "Watheka kapena ayi?" Atape pang'ono aike pachikhatho. Msakanizowo ukamayenderera, ufa wachepa, ndipo zitumbuwa zake zidzamwa mafuta n'kuphwasuka. Ukamang'aluka m'mbali akaupsinja, ufa wachuluka, zidzatuluka zolimba ngati mwala, ndiye akanyiremo theka la nthochi ina. Wabwino umaima wokha koma n'kumamatabe pang'ono. Mukafika apo muusiye mphindi 10, pakuti mgaiwa umamwa madzi mochedwa ndipo ulimbako wokha. Ambiri amaonjezera ufa asanadikire, n'kumadabwa kuti zauma bwanji.

Poumba, adzole timafuta m'manja, osati madzi, chifukwa dontho la madzi likagwera m'mafuta otentha limathetheka. Atape wofanana ndi dzira laling'ono, aubulungize, kenako auphwatalalitse mpaka ukhale wochindikala ngati chala chanu. Zake zikapotoka zisiyeni choncho, bola kuchindikala kukhale kofanana, apo ayi zina zidzapserera zina zili zaziwisi m'kati. Aumbe zonse, aziyale m'mbale, ndipo moto muyatse iye atamaliza.

Tsopano aime masitepe atatu kuchokera pachitofu, ndipo mumuonetse chizindikiro pansi chimene sayenera kudumpha. Asakwere pampando kuti asuzumire. Chogwirira cha chiwaya chiloze kukhoma. Thirani mafuta ofika theka la chitumbuwa, moto wapakatikati. Ponyanimo kachidutswa koyesera: kakayamba kuchita thovu nthawi yomweyo, mafuta atentha, koma kakangomira phee, dikirani. Akamafuka utsi ndiye kuti apyola, ndipo shuga wa m'nthochi adetsa kunja m'kati musanapse. Mbali iliyonse imafuna mphindi 2 kapena 3. Kuti asanyong'onyeke, mpatseni ntchito yoyang'ana wotchi ndi kukuuzani nthawi yotembenuza. Chitumbuwa choyamba chikazizirako, achinyeme pakati aone yekha ngati mulibe ufa wauwisi.

Foni muisiye kuchipinda kufikira mutaphula. Mafuta akayaka, zimitsani chitofu n'kuvundikira ndi chivundikiro, musathire madzi. Akamuthovukira pakhungu, ikani malo opsawo pamadzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20. Zopaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta zija ayi ndithu. Pakatuluka chithuza chachikulu, kapena akapsa kumaso kapena padzanja, pitani naye kuchipatala. Mumuuzenso kuti chitofu chamagetsi chimakhalabe chotentha ngakhale mwazimitsa.

Akatha kudya atsuke foloko ndi mbale yokanyira ija, chiwaya chikhale chanu. Mudzandiuze kuti ufa unalowa wochuluka bwanji, ndidziwe nthochi za kumeneko.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine mnzanu wa ku Zomba