Lipoti la maphunziro a kayezedwe ka zophikira: chigumu cha pabanja m'magalamu

A wapampando ndi amayi nonse, munatituma awiri kuti tikaphunzire momwe tingalembere maphikidwe a makolo athu, amene mpaka pano amayezedwa ndi manja. Zimene tabwera nazo ndi izi. Ophunzitsa anagwiritsa ntchito chigumu cha nthochi, ndipo anaitana mayi wina wachikulire kuti aphike pamaso pathu monga amachitira kwawo.

Mfundo yaikulu ndi yakuti wophika safunsidwa muyeso. Mukawafunsa agogo kuti ufa ndi wochuluka bwanji, adzati "manja asanu ndi limodzi", koma pophika amawonjezera wina osazindikira akaona kuti chosakanizacho chachita madzi. Komanso mukawauza kuti atapire pa sikelo, dzanja limachita manyazi, amatapa mosiyana ndi masiku onse. Choncho timayeza chimene chachoka m'mbale. Musanayambe, ikani ufa, shuga ndi mkaka, chilichonse m'mbale yake, muyeze ndi kulemba. Asiyeni aphike osawasokoneza. Akamaliza, yezaninso mbale zija ndi kuchotsera. Mbale ya ufa ikakhala inali magalamu 1,200 ndipo yatsala 720, ndiye kuti m'chigumu mwalowa magalamu 480.

Kuyeza kamodzi sikukwanira. Mayi uja anaphika katatu, ndipo mgaiwa unatuluka magalamu 480, kenako 530, kenako 490. Tinaphatikiza n'kupeza 1,500, tinagawa patatu, ndipo papepala tinalemba 500. Muyeso umodzi ukatalikirana kwambiri ndi inzake, musauphatikize msanga. Funsani chimene chinasintha tsikulo. Nthawi zambiri zimakhala nthochi, chifukwa zikapsa kwambiri zimatulutsa madzi ndipo dzanja limatapa ufa wambiri. Nthochizo muziziyeza zosenda kale, poti makoko amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Zathu zinali magalamu 600 ndi makoko omwe, 400 zitasendedwa. Shuga anafumbata katatu, anakwana magalamu 90.

Pamene tinachedwapo kwambiri ndi pa mchere ndi soda, ndipo ife tikuona kuti apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Sikelo yakukhitchini imawerenga galamu imodziimodzi, pomwe mchere wotsina kamodzi sufika n'komwe galamu. Mukauika pa sikelo, imangoonetsa 0 kapena kulumphira pa 1, ndipo zonsezo ndi zabodza. Njira yake ndi iyi: ikani sosala pa sikelo, dinani batani lolembedwa TARE kuti ibwerere pa 0, muchotsepo sosalayo, wophika atsinemo kakhumi, kenako muibwezere. Musamathire pang'onopang'ono sosala ili pa sikelo, chifukwa masikelo ena saona tinthu topepuka tikamagwera mmodzimmodzi. Mayi uja amatsina ndi zala zitatu. Kakhumi kanakwana magalamu 8, kusonyeza kuti kutsina kamodzi ndi 0.8, ndipo popeza m'chigumu amatsina kasanu, tinalemba magalamu 4. Lembaninso mtundu wa mchere, chifukwa wamibulu ndi wosalala salemera mofanana pakati pa zala.

Soda amamuthira pakati pa chikhatho. Tinachita chimodzimodzi kakhumi n'kupeza magalamu 52, choncho tinalemba 5, amene ndi pafupifupi supuni yaing'ono ya mamililita 5 yosalaza pamwamba ndi mpeni. Kumbukirani muyeso uwu: galamu imodzi ya soda pa magalamu 100 a ufa. Soda akachuluka, chigumu chimada mkati ndipo chimamveka ngati sopo pa lilime. Akachepa, chimatuluka cholemera, chogwirana ngati nsima ya dzulo. Soda amatupitsa bwino akakumana ndi chowawasa, ndiye ngati agogo amathira chambiko, musalembe "mkaka" chabe.

Madzi ndi mkaka n'zosavuta, poti mililita imodzi ya madzi ndi galamu imodzi. Pomwepa mungayeserenso sikelo yanu: madzi okwana mamililita 500 ayenera kulemera magalamu 500. Koma ufa wa chimanga chatsopano ndi wa chimanga chouma kwambiri sumwa madzi mofanana. N'chifukwa chake pambali pa "chambiko magalamu 300" tinalembanso chizindikiro cha maso: chosakanizacho chizigwa pa mthiko mwaulesi, osati kuchucha. Lembaninso kukula kwa poto m'masentimita, chifukwa m'poto wamng'ono chigumu chimatalika, n'kupserera kunja mkati muli mwamuwisi.

Pepala likalembedwa, liperekeni kwa munthu amene sanaphikepo chigumucho, aphike yekha agogo palibe, kenako agogowo alawe. Akanena kuti mchere wachepa, sinthani chinthu chimodzi chokhacho n'kuphikanso. Mukasintha ziwiri nthawi imodzi simudziwa chimene chakonza.

Tikupempha kuti gulu ligule sikelo imodzi ya mabatire yowerenga galamu imodziimodzi mpaka makilogalamu 5, ndiponso kuti pamsonkhano wotsatira mudzasankhe mabanja awiri amene tiyambe nawo.