Lipoti la msonkhano wa misonkho: nkhani ya ejenti wosasayina

Wapampando ndi anzanga nonse, ndabwerako. Tsiku loyamba linali la malonje basi, palibe chomwe mudaphonya. Za makampani omanga mukuzidziwa kale: pangano lachitsanzo la OECD la misonkho pakati pa mayiko limati ntchito ipitirire miyezi 12 kuti kampani yakunja iwerengedwe kuti yakhazikika m'dziko, pomwe la UN limati miyezi 6.

Chidandichotsa tulo ndi nkhani ya ejenti, m'ndime 5 ya mapanganowa. Adatipatsa chitsanzo cha kampani yogulitsa mapampu yomwe ilibe ofesi m'dziko lomwe ikugulitsamo. Ili ndi munthu mmodzi yekha woyendera makasitomala. Iyeyo amakambirana nawo mtengo, chiwerengero cha mapampu ndi tsiku lofikira katundu, kenako pepalalo amalitumiza ku likulu kunja kuti akangosayina. Mawu akale ankafunsa ngati ejenti ali ndi mphamvu zomanga kontirakiti m'dzina la kampani, ndiye makampani ankangomulanda cholembera, msonkho wa phindu n'kuwadutsa. Mawu atsopano a ndimeyi, a mu 2017, adatseka mpatawu. Ngati ejentiyo ndiye amakonza zonse nthawi ndi nthawi, likulu n'kumangovomera osasintha kanthu kenikeni, kampaniyo yakhazikika, ndipo phindu lochokera pa ntchito yakeyo lidulidwe msonkho. Kampani ikanena kuti ejentiyo ndi woyima payekha, funsani amene amamugwirira ntchito. Ngati pafupifupi ntchito yake yonse ndi ya makampani apachibale ndi yake, mawuwo sagwira.

Umboni wake suli pa siginecha. Tengani makontirakiti 20, muyerekeze zomwe ejenti adatumiza pa imelo ndi zomwe zidasayinidwa. Ngati mtengo sudasinthe ngakhale pa imodzi, mwadziwa yemwe amagulitsa.

Apa ndiye mundilole, Wapampando. Fayilo ija tidatseka chaka chatha inali yotereyi. Ndidapempha kuti tiyitanitse maimelo, kalata yanga idagona m'dirowa miyezi itatu, mapeto ake ndidauzidwa kuti popanda siginecha palibe mlandu. Sindikutchula munthu, koma mwini akudziwa.

Chilungamo chake, adatichenjezanso kuti mawu a 2017 salowa okha m'pangano lakale. Mayiko awiriwo ayenera kuvomera kusintha, apo ayi mawu akale ndi omwe amalamulira. N'chifukwa chake sindidagwirizane ndi chigamulo cha msonkhano choti tiyambe ndi maphunziro a antchito. Tiphunzitsa anthu lamulo lomwe mwina mulibe m'mapangano athu? Ine ndikuti anthu awiri awerenge kaye ndime 5 m'pangano lililonse, alembe kuti ili lili ndi mawu akale, ili atsopano. Ngati la fayilo ija lili ndi atsopano, itsegulidwenso.

Za kugawa phindu pakati pa likulu ndi nthambi adazithamangira m'ola limodzi, mapepala ndabwera nawo. Malisiti ndidapereka Lolemba, koma alawansi ya usiku womaliza sindidalandirebe.