Kusanja antchito mokakamiza kumaphunzitsa anthu kubisa zolakwa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa kachitidwe kena ka m'makampani poyeza ntchito ya anthu kumapeto kwa chaka. Ndikunena za lamulo loti manijala aliyense asanje anthu ake pa mndandanda, kuyambira wopambana mpaka wotsiriza, ndipo chiwerengero cha anthu oikidwa pamwamba, pakati ndi pansi chimakhala chitakhazikitsidwa kale iye asanatsegule n'komwe fayilo ya munthu. Ndayang'anirapo anthu pansi pa lamulo lotere, ndalembaponso malipoti ofotokoza ntchito ya munthu m'mawu, ndipo maganizo anga ndi akuti kusanja kokakamizaku kumawononga chinthu chomwe kampani imachifuna koposa, chomwe ndi wantchito wonena zoona zinthu zikalakwika.

Njirayi inatchuka kwambiri ndi kampani ya General Electric ya ku America m'nthawi ya Jack Welch, yemwe anaitsogolera kuyambira 1981 mpaka 2001. Pa antchito 100 alionse, 20 ankaikidwa pamwamba n'kulandira mabonasi ndi kukwezedwa, 70 ankakhala pakati, ndipo 10 apansi ankayenera kuchoka. Cholinga chake ndimachimvetsa. Mamanijala ambiri amaopa kuuza munthu kuti ntchito yake siikuyenda, ndiye amangopatsa aliyense malikisi abwino kuti pasakhale kukangana. Lamulo la 20, 70 ndi 10 linabwera kudzathetsa mantha amenewo. Vuto ndi loti likafika pa gulu laling'ono limayamba kulamula manijala kuti aname.

Taganizani za gulu la anthu 10. Lamulo likuti awiri pamwamba, asanu ndi awiri pakati, mmodzi pansi. Chaka choyamba mwina alipodi munthu amene akulephera, ndipo kumuika pansi n'koona. Iye akachoka, otsala 9 onse ndi anthu amene fomu yoyezera ntchito yomweyo inanena kuti akugwira bwino. Kwabwera watsopano mmodzi, akwananso 10, ndipo chaka chikatha lamulo likufunanso dzina la munthu wapansi. Manijala alitenga kuti? Masamu oti anthu ambiri amakhala pakati ndipo ochepa amakhala kumapeto amagwirako ntchito pa chikhamu cha anthu osasankhidwa. Koma anthu 10 amene analembedwa ntchito atafunsidwa mafunso, n'kuphunzitsidwa, ofooka atachotsedwa kale, palibe chifukwa choti mmodzi mwa iwo akhale wolephera chaka chilichonse. Akhoza kukhala abwino onse, monganso gulu lina likhoza kukhala ndi olephera atatu pomwe fomu ikulola dzina limodzi lokha.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi zimene ndinaona pa kampani ina, mu ofesi yolipira ogulitsa katundu. Mayi wina wa m'gululo anazindikira pakati pa chaka kuti walipira invoisi imodzi kawiri. M'mawa mwake anabwera ndi mapepala onse awiri m'manja, nawaika pa tebulo la manijala, nalozetsa chala pa nambala yofanana, nati, "Bwana, apa ndinalakwitsa ndine." Ndalama zinabwezedwa pasanathe mwezi. Mayiyo sanalekere pomwepo, anapempha kuti pasanatuluke malipiro alionse, munthu wachiwiri aziyamba wafufuza ngati nambala ya invoisi inalowetsedwapo kale. Zimenezi zinakhazikitsidwa ndipo zinathandiza gulu lonse.

M'gulu lomwelo munali bambo wina amene anachitanso cholakwa chofanana, koma iye anangokhala chete, n'kudula ndalamazo pa malipiro otsatira a wogulitsa yemweyo. Zinadziwika patapita nthawi yaitali. Pofika kumapeto kwa chaka, mamanijala anakumana kuti agwirizane za mndandanda, ndipo aliyense ankateteza anthu ake. Pa msonkhano wotere chimene chimalemera ndi chomwe chinalembedwa. Fayilo ya mayi uja inali ndi cholakwa chimodzi, ya bambo uja inali yoyera. Anthu onse anali ofanana pa zina zonse, dzina limodzi linkafunika, ndipo dzina la mayiyo ndi limene linapita pansi. Sanachotsedwe, koma bonasi inamudutsa ndipo anapatsidwa kalata yoti asinthe kagwiridwe ka ntchito.

Palibe amene anaitanitsa msonkhano kuti auze gululo kuti lizibisa zolakwa, koma aliyense anamva uthengawo. Chaka chotsatira buku lolembamo zolakwa linali pafupifupi lopanda kanthu, ndipo akuluakulu anasangalala kuti zinthu zayamba kuyenda. Zolakwa zinalipo monga kale, kungoti zinkatulukira pa nthawi ya oditi yofufuza mabuku a ndalama, miyezi itapita, pomwe kubweza ndalama kunali kutavuta kale.

Amene akufuna kudziwa ngati matendawa alowa m'kampani yawo asadalire mafunso a pa fomu oti kodi mukusangalala pa ntchito. Ayang'ane amene anaikidwa pansi zaka zitatu zapitazi. Ngati nthawi zonse ndi munthu watsopano, kapena amene wapereka kale notisi, kapena amene anali pa tchuthi chachitali, ndiye kuti mamanijala akungofuna dzina losapweteka kwambiri kuti fomu idzaze. Ena amasunga dala munthu wofooka chaka chonse kuti adzakhale woperekedwa nsembe, ena amasinthanitsa, chaka chino uyu, chamawa uyo. Ayang'anenso ngati antchito akale akuvomera kuphunzitsa atsopano. Munthu amene akudziwa kuti mnzake akakwera iye atsika saulula njira yachidule yogwirira ntchito, ndipo munthu waluso amakana kusamukira ku gulu la aluso anzake chifukwa kumeneko akhoza kukhala wachisanu ndi chiwiri pomwe kuno ndi woyamba.

Izi si zongoona ine ndekha. Kampani ya Microsoft inagwiritsa ntchito kusanja kotere kwa zaka zambiri, antchito ake akudandaula kuti akupikisana okhaokha, ndipo inakuthetsa mu Novembala 2013. Kampani ya Ford inasumiridwa ndi antchito amene ankati njirayi ikukankhira pansi anthu achikulire, ndipo mu 2001 inasintha dongosolo lake n'kuvomera kulipira kuti milanduyo ithe. Kalekale W. Edwards Deming, katswiri wa za ubwino wa zinthu zopangidwa m'mafakitale, ankaphunzitsa kuti zolakwa zambiri pa ntchito zimachokera ku dongosolo la ntchitoyo osati kwa munthu payekha. Nkhani ya invoisi ija ikugwirizana nazo. Anthu awiri analakwitsa mofanana chifukwa panalibe chotchinga kulipira kawiri, ndipo amene anatseka mpatawo ndi amene analangidwa.

Tsono wina ati, ndiye tingolemba malipoti ofotokoza m'mawu basi. Apa ndikufuna ndichenjeze, chifukwa lipoti la mawu nalonso limanama, ndipo limanama mwaulemu. Ndawerengapo ambiri onena kuti "ndi wolimbikira, amagwirizana ndi anzake, apitirize." Mawu amenewa akhoza kulembedwa pa fayilo ya wina aliyense. Munthu amatuluka mu ofesi akumwetulira, kenako patapita miyezi akumva kuti sakwezedwa, osadziwa chomwe analakwa. Kumeneko n'kumupaka mafuta pakamwa, ndipo kumagwetsa ulesi mofanana ndi mndandanda uja. Palinso vuto loti manijala akakhala pansi kulemba kumapeto kwa chaka amakumbukira za masabata apitawa okha, komanso amalemba mokoma za anthu amene amacheza nawo.

Lipoti la mawu limakhala loona pokhapokha likamangidwa pa zinthu zimene zinachitikadi. Manijala azilemba chaka chonse, mizere iwiri kapena itatu nthawi iliyonse pakachitika chinthu chofunika, ndipo munthuyo aziuzidwa sabata yomweyo. Chiganizo chilichonse cha mu lipoti chiziyankha kuti chinachitika n'chiyani, liti, ndipo chinabweretsa zotani. Za mayi uja ndikanafuna zilembedwe motere: "Mu Julaye analipira invoisi imodzi kawiri. Anazindikira yekha, ananena tsiku lotsatira, ndipo ndalama zinabwezedwa mu Ogasiti. Anayambitsa zoti nambala ya invoisi izifufuzidwa ndi munthu wachiwiri, ndipo kuchokera nthawi imeneyo sitinalipirenso kawiri. Chofunika kukonza ndi chakuti amachedwa kutseka mabuku a mwezi. Tagwirizana kuti pofika Malichi azitseka pasanathe masiku asanu a ntchito." Cholakwa chilimo, sichinabisike, komanso chimene anachita nacho chilimo. Nambala imodzi ya pa mndandanda ilibe malo osungira zinthu ziwirizi pamodzi. Pansi pa lipotilo pakhale malo oti wantchito alembe yankho lake asanasaine, ndipo yankholo lizisungidwa m'fayilo yomweyo.

Funso lovuta ndi la ndalama, ndipo sindilizemba. Thumba la bonasi limakhala ndi malire, malo okwezedwa ndi ochepa, ndiye pamapeto pake wina ayenera kusankha. Koma kusankha amene alandire zambiri n'kosiyana ndi kulamula kuti pakhale wolephera. Munthu ayezedwe ndi zimene anagwirizana ndi manijala wake kumayambiriro kwa chaka. Ngati onse 10 akwanitsa, onse 10 alembedwe kuti akwanitsa, ndipo ndalama zigawidwe molingana ndi zomwe zilipo, ngakhale zichepe. Ngati atatu alephera, atatu onsewo auzidwe. Msonkhano wa mamanijala ukhalepobe, chifukwa ndi umene umagwira manijala wofewa kwambiri ndi wouma mtima kwambiri, koma ntchito yake ikhale kuwerengerana malipoti ndi kufunsana kuti, "Mwalemba kuti uyu ndi wopambana, umboni wake uli pati?" Ndimaonanso kuti nkhani ya malipiro ndi bwino izikambidwa tsiku lina, chifukwa munthu amene akudikira kumva za bonasi savomera chofooka chilichonse ngakhale akuchidziwa.

Njira imeneyi imadya nthawi. Lipoti loona la munthu mmodzi silitheka m'mphindi zochepa, ndipo manijala amene ali ndi anthu 30 pansi pake sangawadziwe onse mokwanira kuti alembe zoterezi. Kampani ya Adobe itasiya kuyeza kwa pachaka mu 2012, inaika m'malo mwake makambirano afupipafupi a manijala ndi wantchito, zomwe zikutanthauza kuti ntchito ya manijala inamwazikana m'chaka chonse. Kampani imene ikufuna kuchotsa mndandanda iyambe yachepetsa anthu a pansi pa manijala mmodzi, iwaphunzitse kulemba zochitika m'malo mwa mawu otamanda, ndipo ilembe poyera m'malamulo ake kuti cholakwa chimene munthu waulula yekha msanga sichidzagwiritsidwa ntchito pomutsitsa.

Ine wanu,
Woyang'anira antchito wakale