Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a masewera onyamula zitsulo

Kwa a Wapampando ndi mamembala onse,

Munandituma ndi funso limodzi: kodi tiziwauza chiyani anzathu atsopano amene amasiya jimu pakatha mwezi umodzi, ati chifukwa sikelo sikusuntha? Aphunzitsi anagwirizana kuti kumanga minofu uku mafuta akuchepa n'kotheka, makamaka kwa munthu amene akungoyamba kumene ndipo ali ndi mafuta ochulukirapo, koma ndi ntchito yowerengera miyezi.

Pa masabata 4 mpaka 6 oyambirira munthu amayamba kunyamula zitsulo zolemerapo, koma mphamvu zimenezo kwenikweni zimabwera chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuzolowera ntchitoyo, minofu isanakule n'komwe. Kusintha kooneka ndi maso kumayamba pakati pa sabata la 8 ndi la 12. Mwamuna wolimbikira angayembekezere kuwonjezera minofu yolemera theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa mwezi, mkazi pafupifupi theka la zimenezo, ndipo liwiroli limatsika chaka choyamba chikatha.

Chitsanzo chimene tinawerengera limodzi ndi cha bambo wolemera makilogalamu 80 amene amanyamula zitsulo katatu pa sabata. Ngati pa miyezi itatu wataya mafuta a makilogalamu 3 n'kumanga minofu ya makilogalamu 2, sikelo idzasonyeza 79, ndipo iye adzaganiza kuti wavutikira pachabe, chikhalirecho zonse zayenda bwino. Kilogalamu imodziyo imathanso kubisika, pakuti madzi ndi chakudya cha m'mimba zimasinthasintha kulemera kwa munthu ndi kilogalamu imodzi kapena awiri pa tsiku. N'chifukwa chake anatilangiza kuyeza mimba ndi tepi ya telala, pa mchombo penipeni, m'mawa munthu asanadye, kamodzi pa masabata awiri, komanso kulemba m'kope zitsulo zimene akunyamula. Mimba ikamachepa uku zitsulo zikukwera, ndiye kuti zikuyenda. Zonse ziwiri zikamatsika, munthuyo wachepetsa chakudya mopitirira muyeso.

Pa chakudyapo panali kukambirana kwakutali. Bambo uja akufunika mapuloteni okwana magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kutanthauza magalamu 128 pa tsiku, pamene dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Ine ndinadandaula kuti ambiri mwa ife sitingakwanitse kudya nkhuku tsiku lililonse, ndipo yankho linali lakuti usipa, nyama ya soya, nyemba ndi chambiko zimakwaniritsa muyesowo ngati zigawidwa pa chakudya cha m'mawa, masana ndi madzulo. Nsima isasiyidwe, ingochepetsedwa pang'ono, chifukwa kudula makalori oposa 500 pa tsiku kumalepheretsa minofu kukula.

Ndikupempha komiti kuti igule tepi ndi kope, ndipo membala watsopano aliyense aziyezedwa tsiku loyamba n'kuuzidwa kuti tidzaunika naye zotsatira pakatha masabata 12.