Tisamatumize zithunzi za ana a eni ku mapulogalamu opanga zithunzi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa chizolowezi chomwe chafala pakati pathu, chotenga chithunzi cha munthu wina n'kuchitumiza ku mapulogalamu a pa intaneti opanga zithunzi, monga ChatGPT kapena Gemini, kuti achikongoletse kapena achisandutse katuni. Mchitidwewu unakula kwambiri m'mwezi wa Malichi 2025, pamene kampani ya OpenAI inawonjezera luso lojambula mu ChatGPT. Munthu akatumiza nkhope yake, ndi zake zimenezo. Nkhawa yanga ili pa nkhope za eni, makamaka za ana, amene sangathe kuvomera kapena kukana.

Chandipangitsa kulemba ndi zomwe zinachitika kusukulu ya mkaka komwe mwana wanga amaphunzira. Aphunzitsi ake, amene ndimawalemekeza ndipo ndikudziwa kuti analibe cholinga choipa, anajambula ana onse a m'kalasi ndi foni, kenako anatumiza chithunzicho ku pulogalamu ina kuti iwapangire chikalata choitanira makolo ku mwambo wotsekera chaka. Chikalatacho chinakongoladi, ndipo pagulu la makolo la WhatsApp aliyense anayamikira. Ine ndinapempha kuona chithunzi choyambirira, chomwe chinatumizidwacho. Pachithunzipo panali nkhope za ana 23, yunifolomu yokhala ndi baji ya sukulu, komanso timapepala ta mayina tomwe anawo anavala pachifuwa. M'mawu omwe aphunzitsiwo analemba pouza pulogalamuyo zochita munali dzina la sukulu, dera, tsiku ndi nthawi ya mwambowo. Choncho kampani ya kutsidya kwa nyanja inalandira nkhope ya mwana aliyense, dzina lake, komwe amapezeka m'mawa uliwonse, ndi tsiku lomwe adzakhalepo ndithu, popanda kholo ngakhale limodzi kufunsidwa.

Pali chinanso chimene sichioneka ndi maso. Foni ikajambula, imalemba m'kati mwa chithunzi tsiku, nthawi, mtundu wa foniyo, ndipo ngati kamera inaloledwa kudziwa malo, imalembanso manambala osonyeza pomwe wojambulayo anaima. Akatswiri amazitcha EXIF. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse, zimenezi zimachotsedwa, koma chikatumizidwa ngati `Document`, kapena chikachoka m'foni kupita ku tsamba la pa intaneti mwachindunji, zikhoza kupita nacho limodzi. Aliyense angathe kudzionera yekha: tsegulani chithunzi m'foni, dinani pomwe pamasonyeza tsatanetsatane wake, ndipo ngati paoneka mapu kapena dzina la dera, dziwani kuti chithunzicho chikunena komwe mwanayo anali.

Ambiri amaganiza kuti pulogalamuyo imagwira ntchito m'foni mwawo. Zoona zake n'zakuti chithunzi chimachoka m'foni n'kukasungidwa pa makompyuta a kampaniyo, ndipo zomwe zimachitika kumeneko zimatengera malamulo a kampaniyo, omwe timawavomereza osawawerenga. Mwachitsanzo, OpenAI imanena poyera kuti zomwe anthu wamba amatumiza ku ChatGPT, kuphatikizapo zithunzi, zikhoza kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa makina ake, pokhapokha munthu atapita ku `Settings`, kenako `Data Controls`, n'kuzimitsa `Improve the model for everyone`. Koma kuzimitsa kumeneku kumakhudza zomwe mutumize kuyambira pamenepo, osati zomwe zinapita kale. Ngakhale kufufuta sikuchitika tsiku lomwelo, chifukwa kampaniyo imati zofufutidwa zimachoka pa makina ake pasanathe masiku 30. Ndipo iyi ndi kampani yodziwika, yomwe imalemba malamulo ake. Timapulogalamu taulere tosinthira nkhope, tomwe timatsatsidwa pa masamba a mchezo, nthawi zambiri sitinena n'komwe mwini wake kapena dziko lomwe tili. M'chaka cha 2025, katswiri wofufuza za chitetezo cha makompyuta, Jeremiah Fowler, anapeza nkhokwe ya tsamba lina lopanga zithunzi la ku South Korea, lotchedwa GenNomis, ili pambalambanda popanda loko aliyense, ndipo m'katimo munali mafayilo oposa 90,000, ena mwa iwo zithunzi zolaula zopangidwa ndi makina zooneka ngati za ana.

Wina anganene kuti chithunzi cha mwana wovala yunifolomu sichingavulaze munthu. Zomwe zachitika kwa anzathu zikusonyeza kuti chikhoza. M'chaka cha 2024, bungwe la Human Rights Watch linapeza zithunzi za ana 170 a ku Brazil ndi 190 a ku Australia m'nkhokwe yotchedwa LAION-5B, yomwe inagwiritsidwa ntchito pophunzitsa makina opanga zithunzi, ndipo zina zinali ndi mayina a anawo komanso malo omwe anajambulidwira. Bungweli linangoyang'ana kachigawo kakang'ono kwambiri ka zithunzi zoposa mabiliyoni 5. Zithunzizo zinachita kukokoloredwa pa intaneti, sizinatumizidwe ndi makolo ku makinawo, komabe phunziro lake ndi limodzi: makina akaphunzira kale pa chithunzi, kuchichotsa m'nkhokwe sikuwaiwalitsa. Ku tauni ya Almendralejo ku Spain, m'mwezi wa Seputembala 2023, atsikana oposa 20 anapezeka kuti zithunzi zawo wamba, atavala bwinobwino, zinalowetsedwa mu pulogalamu yomwe inazisandutsa zamaliseche, ndipo ochita zimenezi anali anyamata a m'dera lomwelo. Tonse tikudziwa liwiro lomwe chithunzi chotere chingayendere pa magulu a WhatsApp kuno kwathu, ndi manyazi omwe mtsikana angasenze ngakhale zitadziwika kuti n'chabodza.

Malamulo a dziko lino sali chete. Gawo 21 la malamulo aakulu limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo m'chaka cha 2024 tinakhala ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, lomwe bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira. Sukulu, tchalitchi kapena bungwe lothandiza ana amasiye likamasunga ndi kutumiza zithunzi za ana, likugwira zinthu zomwe lamuloli likunena, ndipo liyenera kuyamba lapempha chilolezo cha kholo kapena womulera mwanayo. Chilolezo chojambula mwana pa mwambo wa kusukulu si chilolezo chotumiza nkhope yake ku kampani ya kunja. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kholo liyenera kuuzidwa dzina la pulogalamuyo lisanayankhe.

Nditakambirana ndi aphunzitsi aja, tinafufuta zonse zomwe anatumiza ndi kuzimitsa pololeza kuphunzitsa makina paja, ngakhale tonse tinkadziwa kuti zomwe zinatengedwa kale sitingazitsatire. Kenako tinayesa njira ina. Tinauza pulogalamuyo ndi mawu okha kuti ijambule ana a sukulu ya mkaka atavala malaya obiriwira akuimba pansi pa mtengo wa mango, osatumiza chithunzi chilichonse, ndipo dzina la sukulu ndi tsiku tinaziwonjezera tokha pambuyo pake pa foni. Chikalatacho chinatuluka chokongola chimodzimodzi. Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa teremu ino, ndapempha kuti pa fomu yolembetsera mwana pakhale funso lapadera lokhudza mapulogalamu amenewa, ndipo ndikupempha a MACRA kuti atulutse malangizo m'Chichewa ndi m'zilankhulo zathu zina opita ku sukulu za mkaka ndi za pulayimale.

Kholo lokhudzidwa,
Zomba