Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a masamu: malimiti ndi vuto la 0/0

Aphunzitsi anzanga, zikomo pondituma kumsonkhano uja. Za mayendedwe ndi ndalama ndapereka kale kwa a mkulu wa dipatimenti, ndiye pano ndingofotokoza phunziro lomwe linatitengera nthawi yaitali, la malimiti a ana a Fomu 3 ndi 4 omwe amatenga masamu oonjezera.

Otsogolera zokambirana anati mwana azolowere kuyamba ndi kulowetsa nambala, osathamangira kupeza mafakitala. Pa (x² + 1)/(x − 1), x akamayandikira 3, timangoika 3 pamalo pa x. Pamwamba pamabwera 10, pansi 2, limiti ndi 5, nkhani yatha. Njirayi imagwira pa polinomiyo iliyonse, komanso pa fulakishoni ya mapolinomiyo bola pansi pasabwere ziro, chifukwa pamalo otere girafu siidukiza: mtengo womwe ikuyandikira ndi womwewo imafikadi.

Chomwe ndikufuna tisinthe kuno ndi ichi: mwana awerengere pamwamba payekha, pansinso payekha, alembe manambala awiriwo asanagawe. Ana ambiri amalowetsa fulakishoni yonse m'kakyuleta nthawi imodzi, ndipo kakyuleta imalemba "Math ERROR" kaya wagawa 5 ndi 0, kaya 0 ndi 0. Mwana amaona ngati ndi matenda amodzi, chikhalirecho n'zosiyana kutalitali. Pamwamba pakakhala 0 pansi nambala ina, monga 0/4, yankho ndi 0 ndipo palibe vuto. Pamwamba pakakhala nambala ina pansi 0, fulakishoni imakula mopanda malire ndipo palibe nambala yomwe ingakhale limiti. Koma pakabwera 0/0 sitinadziwe kanthu, ntchito ikadalipo.

Tinakhalitsa pa chitsanzo ichi: (x² − x − 6)/(x² − 9), x akuyandikira 3. Pamwamba, 9 − 3 − 6 ndi 0. Pansi, 9 − 9 ndi 0. Maziro awiriwa akutiuza pokakumba: ngati polinomiyo yasanduka ziro pa x = 3, ndiye kuti (x − 3) ndi fakitala yake, mfundo yomwe anawa anaiphunzira kale pa mapolinomiyo. Choncho palibe chifukwa cholotera mafakitala. Pamwamba ndi (x − 3)(x + 2), pansi ndi (x − 3)(x + 3). Tikafafaniza (x − 3) patsala (x + 2)/(x + 3), ndipo tikalowetsanso 3 tikupeza 5/6.

Mayi wina wophunzitsa pasukulu yoyendera anafunsa funso lomwe ana anzeru amafunsa: kodi pofafaniza (x − 3) sitikugawa ndi ziro? Yankho n'lakuti ayi. Pa limiti, x amangoyandikira 3 koma safika, ndiye x − 3 ndi kanambala kakang'ono koma osati ziro. Pa x = 3 penipeni fulakishoni ija tisanafafanize ilibe mtengo, pagirafu pali kabowo, koma mbali zonse ziwiri zikuloza malo amodzi. Tinatsimikiza ndi manambala: x akakhala 2.9 tikupeza pafupifupi 0.831, akakhala 3.1 tikupeza 0.836, akakhala 3.01 tikupeza 0.8336, pomwe 5/6 ndi 0.8333. Ine ndikuti manambala otere azilembedwa pabolodi tsiku loyamba, ngakhale amadya nthawi.

Ana ena amati 0/0 ndi 1 poti nambala ikagawidwa ndi yokha imapereka 1, ena amati ndi 0 poti pamwamba pali ziro. Mankhwala ake anatipatsa mafulakishoni atatu, onse x akuyandikira 3, onse opereka 0/0. (x − 3)²/(x − 3) limiti yake ndi 0. (x² − 9)/(x − 3) limiti yake ndi 6. Koma (x − 3)/(x − 3)² ikafafanizidwa imatsala 1/(x − 3), yomwe imakula mopanda malire kumanja kwa 3 n'kutsika mopanda malire kumanzere, choncho ilibe limiti. Chachitatuchi n'chofunika, chifukwa ana amakhulupirira kuti ukangofafaniza ndiye yankho latuluka. Ukafafaniza uyenera kulowetsanso nambala n'kuona pansi kachiwiri.

Panali kamkangano pa kalembedwe. Ena amalola mwana kulemba "= 0/0" pakati pa ntchito. Ambiri tinakana, ndipo ine ndili nawo: alembe pambali m'mawu kuti kulowetsa 3 kukupereka 0/0, kenako ayambe mzere watsopano, "lim" ikhalebe mpaka pomwe walowetsa nambala komaliza.

Pempho langa n'lakuti phunziroli tisalidumphe pothamangira kumaliza silabasi. Tikafika pa difalensiyeshoni yoyambira pamaziko, [f(x + h) − f(x)]/h imapereka 0/0 nthawi zonse tikaika h = 0, ndipo mwana amene sanazolowere apa adzangoloweza. Mapepala a mafunso omwe anatigawira ali mustafurumu, amene akufuna akajambulitse sabata ino.